Manoti 8, maphatikizo 12: kumasulira nyimbo kuti iyimbike m'Chichewa

Kutatsala milungu itatu kuti lifike Tsiku la Anakubala, limene kuno kwathu limakhala pa 15 Okutobala, mtsikana wina wa m'kwaya yathu anabwera ndi nyimbo yopeka yekha. Chuni chake chinali chokoma ndiponso chosavuta kugwira. Koma mawu anawalemba m'Chingerezi, pamene amayi amene tinkafuna kukawayimbirawo ambiri Chingerezi sachimva. Aphunzitsi a kwaya anacheukira kwa ine. "Inu a zolembalemba, tatiikirani kanyimboka m'Chichewa, Lachinayi tiyambe kuphunzira." Ndinavomera msangamsanga, poyesa kuti ndi ntchito ya madzulo amodzi. Ndime imodzi ya mizere inayi inandidyera masiku anayi.

Zimene ndimeyo inkanena sizinali zozama. Mwana akuuza mayi ake kuti ankadzuka dzuwa lisanatuluke kuti asonkhe moto, ankadya pomaliza kuti mwanayo akhute, ndipo sankadandaula. Mwana wa sitandade 5 akhoza kuzimasulira. Chimene chinandigwetsa ulesi n'chakuti mawuwo anayenera kulowa m'chuni chimene chinasokedwa kale pa muyeso wa chinenero china, ngati munthu wamkulu amene wapatsidwa malaya a mwana kuti avale.

Ntchito yoyamba ndi kuwerenga. Noti iliyonse ya chuni imanyamula phatikizo limodzi, ndiye ndinawerenga maphatikizo a mzere uliwonse ndi zala: woyamba 8, wachiwiri 6, wachitatu 8, wachinayi 6. Muyeso umenewu ndi wakale kwambiri m'nyimbo za Chingerezi. Nyimbo ya John Newton yotchedwa Amazing Grace, imene inasindikizidwa mu 1779, imayenda momwemo, ndipo m'mabuku ambiri a nyimbo za m'tchalitchi manambalawa amalembedwa pamwamba pa nyimbo kuti wotsogolera adziwe chuni chimene chingagwirizane nayo.

Mzere woyamba nditaumasulira mokhulupirika unatuluka chonchi: "Munkadzuka dzuwa lisanatuluke". Werengani nokha: mu-nka-dzu-ka dzu-wa li-sa-na-tu-lu-ke. Maphatikizo 12, manoti 8. Wachitatu ndiye unanyanya: "Munkadya pomaliza kuti ine ndikhute" uli ndi maphatikizo 14. Chifukwa chake n'chodziwika. Chingerezi chili ndi mawu ambirimbiri a phatikizo limodzi, pamene m'Chichewa phatikizo limathera pa lembo la liwu ndipo mneni amasenza katundu yense pamutu: wochita, nthawi, wochitiridwa, zonse m'mawu amodzi. Choncho womasulira nyimbo amayamba ntchito akudziwa kuti zina azitaya. Luso lake lagona posankha zoti ataye.

Ndinataya dzuwa. Ndinalemba kuti "Munkadzuka m'mamawa", maphatikizo 8 ndendende, n'kukagona ndili wokondwa.

Lachinayi kwaya itauyimba, china chake sichinamveke bwino. Palibe amene anatha kutchula vuto, koma mayi wina wa alito anangoti, "Zikumveka ngati akuyimba ndi mzungu." Ananena zoona, ndipo apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonseyi.

Chichewa chili ndi chizolowezi chimene tonse timatsata osadziwa. Phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa mawu ndi limene limalemera, ndipo mawuwo akakhala kumapeto kwa chiganizo timalikoka pang'ono. Ndilemba lolemeralo ndi malembo aakulu kuti lioneke: MOto, nyaMUla, chiMAnga, munkaDZUka, m'maMAwa. Phatikizo lomaliza limangogwa mopepuka. Chuni cha mtsikana uja chinkayenda mosemphana ndi zimenezi. Chinkayamba ndi noti yopepuka, kenako yolemera, yopepuka, yolemera, mpaka kuthera pa noti yolemera ndi yaitali: ta-TA ta-TA ta-TA ta-TA. Mawu anga atakwera pamenepo anasanduka mu-NKA-dzu-KA m-MA-ma-WA. Palibe Mchewa amene amati "dzuKA" kapena "mamaWA". Chiwerengero chinali cholondola, koma phazi lililonse linkaponda pamene sipayenera.

Amene anakulira m'tchalitchi kamvekedwe kameneka amakadziwa, kungoti makutu anazolowera. Amishoni ndi anzawo amene anamasulira nyimbo zimene zili m'buku la Nyimbo za Mulungu analimbana ndi vuto lomweli. Mukatsegula bukulo mupeza mawu odulidwa ndi tizizindikiro, ndiponso mizere yothera pa -tu, -di kapena -we. Timaphatikizo timeneti nthawi zambiri sitinaikidwe chifukwa cha tanthauzo, koma kuti noti yomaliza ipeze chonyamula. Sindikuwanyoza anthuwo. Anagwira ntchito yaikulu, ndipo nyimbozo zatiperekeza ku maliro ndi ku maukwati kwa zaka zoposa 100. Koma ngakhale nthawi yomweyo ena anaona kuti chuni chachilendo chimapotoza chinenero. Ku Embangweni, Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu a Chingoni ndi Chitumbuka kupeka nyimbo pa maimbidwe akwawo, ndipo anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anasiya nyimbo zimene mawu ndi chuni zinabadwira pamodzi. Womasulira alibe mwayi umenewo. Chuni amachipeza chilipo kale.

Njira imene inandipulumutsa ndi yaing'ono moti ena angaiderere. Noti yomaliza ya mzere inali yaitali, ya kugunda kuwiri. Ndinapempha mwini nyimbo kuti tiidule pakati, ikhale manoti awiri ofanana pa liwu lomwelo, yoyamba yolemera, yachiwiri yopepuka. Chuni sichisintha, woyimba kiyibodi sasintha kalikonse, koma mzere tsopano umalandira maphatikizo 9 ndipo umatha mmene Chichewa chimathera: ta-TA ta-TA ta-TA ta-TA-ta. Mizere ya 6 ija imasanduka ya 7. Ndapindula phatikizo limodzi, komanso mapeto akhala m'malo.

Chotsatira chinali kufunafuna mawu amene phatikizo lawo lolemera lingagwere pa noti yachiwiri, yachinayi, yachisanu ndi chimodzi kapena yachisanu ndi chitatu. Ndinajambula timabokosi 9 papepala, n'kudetsa tamalo olemerato, n'kumayesa mawu ngati munthu woyesa makiyi pa loko. "Munkadzuka" anakana, chifukwa DZU amagwera m'bokosi lachitatu. Ndinakumbukira mneni wina amene agogo ankakonda, kulawira. "Munkalawira" ali ndi maphatikizo 5 ndipo WI amagwera m'bokosi lachinayi. Otsala anayi anadzazidwa ndi "kusanache". Mzere unakhala mu-NKA-la-WI-ra KU-sa-NA-che. Dzuwa silinatchulidwe, koma "kusanache" walinyamula, ndipo "kulawira" akunena zoposa kudzuka, pakuti wolawira amadzukira ntchito. Apa kuchepa kwa malo kunandikankhira ku Chichewa chabwino kuposa chimene ndinayamba nacho, ngakhale sizichitika choncho nthawi zonse.

Mwina mwadabwa kuti bwanji ndinaumirira -nka- m'malo mwa -ma-, pamene ambiri polankhula timati "mumalawira" ponena zakale. Nkhani yake ndi ya kukwera ndi kutsika kwa liwu. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kamvekedwe. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, koma woyambawo liwu limakwera pa "te" pamene wachiwiriwo silikwera. Khungu la pathupi ndi khungu la maso n'chimodzimodzinso. Pa aneni ndiye nkhani imakula. "Ndimathandiza", liwu likakwera pa "ndi", ndiye kuti ndimachita masiku onse. Likakwera pa "tha", ndiye kuti ndinkachita nthawi yapita. Poyimba, chuni ndi chimene chimalamula pokwera ndi potsika, ndipo kusiyana kumeneku kumafufutika. Mayina sadetsa nkhawa kwenikweni, chifukwa mawu oyandikana nawo amawaulula: mukati mtengo wa mthunzi palibe angaganize za ndalama. Koma nthawi ya mneni ikasokonekera palibe woiwombola. Omvera sakanadziwa ngati mayiyo akulawirabe mpaka lero kapena mwana akukumbukira zakale. -Nka- alibe mapasa. Kaya chuni chikwere kaya chitsike, amanena zakale basi.

Mzere wachiwiri sunavute. "Kuti mutisonkhere moto" ali ndi maphatikizo 9 pamene malo ndi 7. "Kusonkha moto" ndi 5, ndipo amakhala bwino: ku-SO-nkha MO-to. Panatsala mabokosi awiri. Poyamba ndinaikapo "wathu", koma ndinaona kuti ndi mawu ongotsekera dzenje, pakuti moto wa pakhomo ungakhalenso wa yani? Ndinaikapo "Mayi". M'Chingerezi muja mayi sanatchulidwe mu ndime imeneyi, koma kwathu kuno kulankhula ndi kholo mizere inayi osalitchula kumamveka mwano. Ndinawonjezera chimene mwini nyimbo sanalembe, ndipo iye atamva anati ndi chimene ankatanthauza.

Wachitatu ndi umene unandichititsa manyazi. Ndinayamba ndi "Munkadya makombo ndikhute". Maphatikizo 9, chithunzi chabwino, koma KO anagwera pa noti yopepuka ndipo kwaya ikanayimba "makoMBO". Ndinautaya. Kenako ndinapeza wina umene unkaoneka wopanda banga: "Munkadya ife titakhuta". Mu-NKA-dya I-fe TI-ta-KHU-ta. Chilichonse m'malo mwake, tanthauzo lenilenilo, Chichewa chomveka. Ndinapita nawo ku kwaya ndikudzitama mumtima.

Chimene sindinachiwerengere ndi mpweya. Chuni chija chili ndi kampata pakati pa mzere, pambuyo pa phatikizo lachisanu, pamene oyimba amapumira pang'ono. Mu mzere woyamba kampatako kanagwera bwino, pakati pa "munkalawira" ndi "kusanache". Mu wachitatu kwaya inayimba mokweza kuti "Munkadya ife", n'kupuma. Anyamata a besi anayamba kuseka, kenako tchalitchi chonse. Nyimbo yoyamika amayi inawasandutsa mfiti zodya ana awo. "Titakhuta" anafika mochedwa, mlandu utagamulidwa kale.

Papepala cholakwika chotere sichioneka. Wowerenga amaona mzere wonse nthawi imodzi, koma womvera amalandira mawu pang'onopang'ono, ndipo pamene oyimba apuma iye amaikapo mpumiro. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndafunsa pamene chuni chimapumira, n'kulemba kamzere pamalopo ndisanaike liwu lililonse. Chidutswa chilichonse cha pakati pa mipumiro chiyenera kukhala choti chikamveka pachokha sichinena zina.

Ndinaugawa mzerewo pawiri motsata mpweya. "Ndikhute ine, inu njala" unakwana mabokosi onse, koma unali ndi msampha wina. Malembo a liwu awiri akakumana, monga "te" ndi "i", pakamwa pamafuna kuwaphatikiza, ndipo theka la kwaya limayimba "ndikhutine" n'kutsala ndi noti yopanda mawu. Ndinasintha kukhala "Tikhute tonse, inu njala". Ti-KHU-te TO-nse, I-nu NJA-la. Pamene "nse" akumana ndi "i" pali mpumiro, ndiye sangamatane. Ndivomere kuti apa tanthauzo linasuntha. Mwini nyimbo ananena za mwana mmodzi, ine ndinaika ana onse. Iye anati mayi ankadya pomaliza, ine ndinati ankakhala ndi njala. Ndinamufotokozera zonse ziwiri ndipo analola. Akanakana ndikanafunafuna njira ina, chifukwa nyimbo ndi yake. Muyeso umene ndimatsata ndi wakuti chithunzi chikhoza kusintha, koma chimene nyimbo ikufuna kuti womvera amve mumtima chisasinthe. Mayi wodzimana chifukwa cha ana akadali pomwepo.

Mzere womaliza ndi umene ndimaukonda. "Osadandaula" ali ndi maphatikizo 6, ndendende manoti ake, koma pa chunicho amamveka o-SA-da-NDA-u-LA, vuto lija la poyamba. Ndikanatha kudulanso noti yomaliza, koma apa nyimbo imafikira pa noti yaitali imene kwaya yonse imaigwira pamodzi, ndipo kuidula kukanaichotsa ulemerero. Chichewa chili ndi gulu limodzi la mawu amene amatha molemera ndipo amakokeka mmene ungafunire: mivekero. Phee, zii, mbee, mbuu, gwa. Mawu amenewa amakhala ngati anapangidwira noti yomaliza. Ndinalemba "Munkangokhala phee", mu-NKA-ngo-KHA-la PHEE, maphatikizo 6, chuni osachikhudza. Chingerezi chilibe chuma chotere chochuluka ngati chathu, choncho womasulira amene maso ake ali pa mawu a Chingerezi okha sangachikumbukire. Ndime yonse inatha chonchi:

Munkalawira kusanache
kusonkha moto, Mayi.
Tikhute tonse, inu njala,
munkangokhala phee.

Owerenga atcheru aona kuti mizereyi sikuthera pa maliwu ofanana, pamene ya Chingerezi ija wachiwiri ndi wachinayi inkafanana. Sindinavutike nazo. M'Chichewa aneni ambiri amathera pa -a, ndiye kufananitsa mapeto n'kosavuta moti khutu silikuwerengera ngati luso. Nyimbo zathu za pamtondo, za chinamwali ndi za maliro zimakoma ndi kubwereza, kuyitana ndi kuyankha. Katswiri wina wa ku New Zealand, Peter Low, anayerekeza kumasulira nyimbo ndi mpikisano wa masewera asanu: kuyimbika, tanthauzo, kumveka ngati chinenero chenicheni, kayendedwe, ndi kufanana kwa mapeto. Mfundo yake ndi yakuti wopambana ndi amene wachita bwino pa onse pamodzi, osati amene wadzipha pa amodzi. Kwa ife a Chichewa, achisanuwo ndi amene ndingayambe kuwagulitsa.

Pali zida zina ziwiri zimene sizinagwire ntchito mu ndime iyi koma zinandithandiza m'ndime zotsatira. Choyamba ndi timaphatikizo tomata kumapeto. Popeza kulemera kumakhala pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ukamata kena kumasuntha: BWEra, bweRAni, bweraNIko. NYUmba, nyuMBAyo. Mawu akaphonya bokosi ndi phazi limodzi, -ko, -nso, -yo kapena -di akhoza kuwakankhira m'malo. Koma kamodzi kapena kawiri pa nyimbo n'kokwanira. Mizere itatu yotsatizana ikathera pa -tu, aliyense amadziwa kuti womasulira anasowa chonena.

Chachiwiri ndi m uja amene amaima payekha, wa mu mtima, mtengo, m'mudzi. Polankhula iye ndi phatikizo lathunthu: m-ti-ma ndi atatu. Poyimba akhoza kupatsidwa noti yake yaifupi, kapena kumatidwa ku phatikizo lotsatira ngati malo achepa. Nyimbo ya fuko lathu, imene Michael Sauka anapeka ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964, ili ndi mawu a Chichewa ndi a Chingerezi pa chuni chimodzi, ndipo dzina la Mulungu m'menemo linafupikitsidwa kukhala Mlungu kuti likwane manoti awiri. Kufupikitsa kotere kulibe vuto ngati anthu amalankhula choncho kale, monga mwananga m'malo mwa mwana wanga, kapena Mbuye m'malo mwa Ambuye. Malire ake ndi awiri. M ameneyu asaikidwe pa noti yaitali kapena yolemera, chifukwa kwaya idzangong'ung'udza milomo ili yotseka. Ndipo pali mawu amene m akamezedwa amasanduka ena: m'bale ali ndi maphatikizo atatu, mukamupatsa manoti awiri mwayimba mbale yodyera nsima.

Mmene ndimayesera ntchito ikatha ndi motere. Ndimayamba ndawerenga mawuwo mokweza, osayimba, ndikuomba m'manja pamene chuni chimalemera. Pamene dzanja laomba pa phatikizo limene pakamwa sipakufuna kulemeretsa, pamenepo pali chilema. Kenako ndimaitana munthu amene sanaone pepala ndipo sadziwa nyimbo ya Chingereziyo, makamaka wachikulire kapena mwana, n'kumuyimbira kamodzi kokha, n'kumufunsa kuti anene zimene wamva. Ndikanachita zimenezi poyamba, nkhani ya amayi odya ana ikanathera kukhitchini kwathu osafika ku kwaya. Pomaliza ndimaipereka kwa a sopulano kuti ayese manoti okwera kwambiri, chifukwa "a" amatuluka momasuka pamwamba pamene "i" ndi "u" amafinya kukhosi. Akadandaula, ndimasintha mawu osati oyimba.

Mawu amodzi kwa makwaya ndi oyimba amene akujambula. Ife tinali ndi mwayi kuti mwini nyimbo anali nafe m'chipinda chomwecho, ndipo chilichonse chimene ndinasintha anachivomereza ndi pakamwa pake. Nyimbo ya munthu wina imene mwaimva pa wailesi kapena pa foni siikhala yanu chifukwa choti mwaiika m'Chichewa. Lamulo loteteza zopekapeka la 2016 limapatsa mwini nyimbo ufulu wololeza kapena kukaniza kuti imasuliridwe. Musanalowe nayo mu situdiyo, pezani chilolezo kwa mwini wake, kapena kafunseni ku COSOMA kuti akuuzeni poyambira.